Kanema wa ukwati akakana kutseguka: musathamangire kufufuta

Mpunga ukakololedwa, mvula n'kutseka, masiku a Loweruka pa Liwaladzi m'boma la Nkhotakota sakhala achete. Uku chinkhoswe, uko ukwati, kwina abale asonkhana kuvumbulutsa chiliza. Pa mwambo uliwonse masiku ano sipalephera mnyamata wonyamula kamera kapena foni ya m'manja, amene amalipidwa kuti ajambule zonse kuti abale omwe ali ku Lilongwe ndi ku Joni adzaonere nawo.

Koma nthawi zina chimwemwe chimathera pa laputopu. Fayilo ikuoneka bwinobwino, dzina lake lilipo, koma ukaidina kanema sakutseguka. Foni ikungolemba kuti singathe kuonetsa, pomwe kompyuta ikuti fayiloyo ndi yoonongeka. Eni ukwati ayamba kuitanitsa ndalama zawo, ndipo wojambula, kaamba ka manyazi ndi mkwiyo, amafufuta fayiloyo kapena kupukuta khadi lonse kuti ajambulirepo ntchito ya mawa.

Apa ndi pomwe kanema amafera zenizeni. Nthawi zambiri, kanema amene wakana kutseguka chifukwa kujambula kunadukira panjira amakhala kuti zithunzi ndi mawu ake zilimo ndithu. Chomwe chimasowa ndi kachigawo kakang'ono komwe kamauza makina momwe angawerengere zinthuzo, ndipo kachigawoka kamatheka kukamanganso.

Nkhokwe yodzaza, kaundula palibe

Makamera ambiri ndi mafoni amasunga kanema mu fayilo yomwe dzina lake limathera ndi MP4 kapena MOV. Mitundu iwiriyi ndi yapachibale. MOV idachokera ku QuickTime, yomwe kampani ya Apple idatulutsa mu 1991, ndipo MP4, yomwe idakhazikitsidwa mu 2001, idatengera kamangidwe komweko.

Mkati mwa fayilo yotere muli zigawo zitatu zikuluzikulu. Choyamba chimatchedwa ftyp, ndipo ndi chikwangwani chabe chonena mtundu wa fayiloyo. Chachiwiri ndi mdat, momwe mumakhala zithunzi ndi mawu enieniwo. Chimenechi ndicho chimatenga pafupifupi malo onse. Chachitatu ndi moov, chomwe chili ngati kaundula: chimanena pomwe chithunzi chilichonse chayambira, kukula kwake, nthawi yomwe chiyenera kuoneka komanso mawu omwe chiyendere limodzi.

Nkhaniyi imamveka bwino poiyerekeza ndi malo ogulira mpunga. Matumba akulowa m'nkhokwe tsiku lonse, ena a Kilombero ena a Faya, ndipo kalaliki akusunga chiwerengero pakapepala ka m'thumba, poganiza kuti adzalemba zonse m'buku lalikulu madzulo akamatseka. Kalalikiyo atati wachoka mwadzidzidzi ndi kapepala kake nthawi yotseka isanakwane, mpunga wonse ulipo, palibe thumba lasowa. Vuto ndi lakuti wobwera kudzatenga katundu sadziwa thumba loyamba ndi liti, ndipo la yani lili pati.

Kamera imachita chimodzimodzi. Pomwe ikujambula imathira zithunzi ndi mawu mu mdat mosalekeza, koma kaundula imamusunga m'mutu mwake, popeza singadziwiretu kuti kanemayo atalika bwanji. Imadzalemba moov pokhapokha wojambula akadina batani loimitsa. Choncho batire likatha mwadzidzidzi, foni ikagwa n'kuzima, ikatentha kwambiri ndi dzuwa la Okutobala la kunyanja, kapena wina akasolola khadi kamera isanamalize kulemba, kaundula uja amapita ndi mphepo.

Kanema wa mphindi 20 wojambulidwa pa zithunzi 25 pa sekondi amakhala ndi zithunzi 30,000. Popanda kaundula, pulogalamu yoonetsera kanema sidziwa poyambira, ndiye imangokana fayilo yonse.

Loweruka lina ku holo

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza kuona ndondomeko yonse. Mnyamata walembedwa ntchito yojambula ukwati pa Liwaladzi. Kutchalitchi zonse zayenda bwino, mafayilo 6 ali pakhadi. Ku madyerero, perekaniperekani wafika pakolasi, ankhoswe akuvina, ndipo patatha mphindi 20 chiyambire kujambula, kamera yazima. Mnyamatayo waika batire lina, koma madzulo akupeza kuti mafayilo 6 aja akutseguka, lachisanu ndi chiwiri ayi.

Choyamba chomwe ayenera kuchita ndi kusiya kujambulira pa khadilo. Chilichonse chatsopano chomwe chalembedwapo chikhoza kugwera pamalo pomwe pali zotsalira za kanema uja. Wojambula wanzeru amayenda ndi khadi lachiwiri pa chifukwa chimenechi. Khadi lalikulu la SD lili ndi kabatani kam'mbali kolembedwa Lock, komwe kakatsitsidwa kompyuta imangowerenga osalembapo kanthu. Khadi laling'ono la m'foni lilibe kabataniko, koma likhoza kulowetsedwa m'chikhadi chachikulu chomwe chimabwera nalo pogula, n'kutsitsa kabatani ka pamenepo.

Kompyuta ikhoza kufunsa ngati khadilo lipukutidwe kapena likonzedwe, ndi mawu oti Format disk kapena Scan and fix. Yankho pa nthawi ino ndi kukana. Kupukuta kumachotsa mndandanda wa mafayilo onse, pomwe kukonza kwa Windows nthawi zina kumadula fayilo kukhala tizidutswa tokhala ndi maina ngati FILE0000.CHK, zomwe zimangoonjezera ntchito.

Chachiwiri ndi kukopera zonse za pakhadi kupita pa laputopu, mafoda onse momwe alili. Kenako fayilo yovutayo ikoperedwenso kachiwiri, kuti kuyesa kulikonse kuzichitikira pa kope. Njira imodzi ikalephera n'kusokoneza fayilo, choyambirira chimakhala chikadalipo.

Makamera ena, monga a GoPro, amatha kudzikonzera okha fayilo yotere akayatsidwa khadi lomwelo lili mkati. Ndi mwayi woyenera kuuyesa, koma pambuyo pokopera, osati kale.

Kukula kwa fayilo kumanena zambiri

Asanafune pulogalamu iliyonse, mnyamata uja ayang'ane kukula kwa fayiloyo, chifukwa ndi pomwe pali chiyembekezo kapena chisoni.

Masamu ake ndi osavuta. Kamera yake idatcheredwa kujambula pa mamegabiti 24 pa sekondi. Mabiti 8 amapanga baiti imodzi, kotero sekondi iliyonse imadya mamegabaiti 3, mphindi imodzi mamegabaiti 180, ndipo mphindi 20 ziyenera kukwana pafupifupi mamegabaiti 3,600, omwe ndi magigabaiti 3 ndi theka kupitirirako pang'ono. Amene sadziwa manambala a kamera yake atenge fayilo ina yabwino ya tsiku lomwelo, agawe kukula kwake ndi mphindi zake, apeza mlingo womwewo.

Ngati fayilo yokana kutsegukayo ikuonetsa kukula koyandikira pamenepo, nkhokwe ndi yodzaza, changosowa ndi kaundula. Ngati ikuonetsa theka, ndiye kuti theka la kanema ndilo lingapezeke. Koma ikamaonetsa 0 KB kapena kukula kochepa kwambiri, vutolo ndi lina: kamera idazima isanalembe pa mndandanda wa khadi kuti fayiloyo yafika pati. Zithunzizo zikhoza kukhala zilipobe pakhadi, koma sizili mu fayilo yomwe ikuonekayo, ndipo kuikonza fayilo yopanda kanthu n'kutaya nthawi.

Pali chinthu chinanso choyenera kuyang'ana m'mafoda. Makamera ena akazima mwadzidzidzi sasiya fayilo ya MP4 konse, koma amasiya fayilo yaikulu ya dzina lachilendo. Ena a Sony amasiya yothera ndi RSV, a Canon DAT, a Panasonic MDT. Ambiri amazifufuta poganiza kuti ndi zinyalala, chikhalirecho ndiye kanemayo. Mafoni ena a Android nawo amasiya fayilo yobisika mu foda ya DCIM, yomwe dzina lake limayamba ndi .pending, ndipo foni imadzaichotsa yokha pakatha pafupifupi sabata imodzi. Yoteroyo imaoneka munthu akatchera kuti mafayilo obisika azioneka, ndipo iyenera kukoperedwa msanga.

Kutsimikiza matenda ake

Fayilo ya mnyamata uja ndi yaikulu monga amayembekezera. Tsopano ayiyese kaye pa VLC, pulogalamu yaulere yoonetsera makanema. Nthawi zina fayilo imakhala ilibe vuto, koma kompyuta yakale sidziwa mtundu watsopano wa kanema wotchedwa H.265, womwe mafoni ambiri akugwiritsa ntchito masiku ano. VLC imatha kuuwerenga. Ikatseguka pamenepo, nkhani yatha.

Ikakana ndi pa VLC pomwe, pali chida chomwe chimanena matenda enieni. Dzina lake ndi FFmpeg, pulogalamu yaulere yomwe Fabrice Bellard wa ku France adayambitsa m'chaka cha 2000. Ilibe mabatani, munthu amalemba malamulo pa zenera lakuda la Command Prompt. Kope lija likatchedwa ukwati.mp4, lamulo lake ndi ili:

```
ffprobe ukwati.mp4
```

Ngati kujambula kudadukira panjira, pakati pa zomwe zituluke padzakhala mzere uwu:

```
moov atom not found
```

Mawu amenewa amaopsa ambiri, koma kwa wodziwa ndi nkhani yabwino. Akungotanthauza kuti kaundula sakupezeka. Sakunena kuti zithunzi zaonongeka.

Kanema wachitsanzo ndiye mankhwala

Chida chodziwika chomangira kaundula watsopano ndi Untrunc, pulogalamu yaulere yomwe adailemba koyamba ndi Federico Ponchio wa ku Italy. Ena adaipitiriza, ndipo mtundu womwe ambiri amagwiritsa ntchito umapezeka pa GitHub pansi pa dzina loti anthwlock. Uli ndi wake wa Windows wokhala ndi mabatani, ndipo ukangotsitsidwa sufunanso intaneti.

Untrunc imafuna mafayilo awiri: yoonongekayo ndi ina yabwino yojambulidwa ndi kamera yomweyo, itatcheredwa chimodzimodzi. Chifukwa chake ndi chakuti kaundula sasunga malo a zithunzi okha. Amasunganso malangizo a momwe kamerayo idafinyira zithunzizo, kutalika ndi kutambalala kwake, kuchuluka kwake pa sekondi komanso mtundu wa mawu. Popanda malangizowa, ngakhale chithunzi chitapezeka sichingamasulidwe.

Kubwerera ku nkhokwe ija, zili ngati kutenga buku la dzulo la kalaliki yemweyo kuti munthu aone momwe amasanjira matumba ake. Akadziwa kasanjidwe, amalowa m'nkhokwe n'kuyamba kuwerenga thumba ndi thumba. Chomuthandiza ndi chakuti mu mdat, chidutswa chilichonse cha chithunzi chimatsogozedwa ndi nambala yonena kutalika kwake, ngati thumba lolembedwa kulemera kwake pamwamba. Untrunc imawerenga nambalayo, kudumpha kufika pa chidutswa chotsatira, kuwerenganso, mpaka kumapeto, uku ikulemba kaundula watsopano.

Mnyamata uja ali ndi mwayi chifukwa ali ndi mafayilo 6 akutchalitchi. Asankhe imodzi yomwe akutsimikiza kuti sadasinthe kanthu pa kamera. Akadapanda kukhala nayo, akadajambula kanema watsopano wa mphindi imodzi kapena ziwiri ndi kamera yomweyo, pa khadi lina, mawu akulowa monga zidalili ku holo.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Kanema wachitsanzo asakhale yemwe wadutsa pa WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa kumeneko amamufinyanso ndipo malangizo ake amasintha. Asakhale yemwe wadulidwa kapena kuikidwa nyimbo pa pulogalamu yolumikizira makanema. Asakhalenso wa foni ya mnzake ngakhale ikhale ya kampani imodzi. Ngati kanema woonongeka adajambulidwa pa 1080p ndi zithunzi 25 pa sekondi, wachitsanzo akhale chimodzimodzi, osati 720p kapena zithunzi 50.

Fayilo yabwino ikatchedwa chitsanzo.mp4, lamulo lake ndi ili, yabwino patsogolo, yoonongeka pambuyo:

```
untrunc chitsanzo.mp4 ukwati.mp4
```

Pa mtundu wa mabatani, munthu amangosankha mafayilo awiriwo m'malo awo n'kudina batani lokonzera. Untrunc siikhudza fayilo yoonongekayo, koma imatulutsa yatsopano yomwe dzina lake limakhala ndi mawu oti _fixed. Kotero laputopu iyenera kukhala ndi malo ena okwanira kukula kwa kanemayo, komanso batire lodzaza kapena magetsi odalirika, kuopa kuti ntchitoyo ingadukirenso panjira.

Ikaima pakati n'kunena kuti yakumana ndi zomwe sikuzizindikira, pali chilembo choonjezera chomwe chimaiuza kuti idumphe malo ovutawo n'kupitiriza kufufuza:

```
untrunc -s chitsanzo.mp4 ukwati.mp4
```

Njirayi imachedwerapo, ndipo pamalo podumphidwapo kanema amaoneka kuti wadukiza, koma zotsalazo zimapulumuka.

Kuona ngati zatheka

Fayilo yatsopano ikatuluka, kutseguka kokha sikokwanira. Mnyamata uja ayang'ane kutalika kwake. Ngati ikuonetsa mphindi 19 ndi masekondi angapo, zayenda. Masekondi omaliza amasowa nthawi zambiri, popeza adali akadali m'mutu mwa kamera pomwe imazima, ndipo sadafike pakhadi. Amenewo palibe angawabweze.

Ngati ikuonetsa mphindi 2 zokha pomwe fayiloyo ndi ya magigabaiti 3 ndi theka, ndiye kuti kuwerenga kudasokonekera panjira, ndipo ayesenso ndi chilembo chodumphira chija. Ngati zithunzi zikutuluka zobiriwira, zotuwa kapena zosweka m'timabokosi kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, kawirikawiri ndiye kuti kanema wachitsanzo sakugwirizana ndi woonongekayo. Asankhe wina n'kuyambiranso.

Mawu ndiwo amavuta kuposa zithunzi. Mtundu wa mawu womwe mafoni ndi makamera ambiri amagwiritsa ntchito, wotchedwa AAC, sukhala ndi chizindikiro choonekeratu cha pomwe chidutswa chayambira ukakhala mkati mwa MP4, kotero pulogalamu imachita kuyesa. N'chifukwa chake kanema wokonzedwa nthawi zina mawu ake amatsogola kapena kutsalira, nkhoswe n'kumaoneka ikuyasama mawu atadutsa kale. Kuti adziwe, wojambula aone malo atatu: koyambirira, pakati ndi kumapeto, makamaka pomwe wina akuomba m'manja kapena kumenya ng'oma.

Ngati kusiyanako ndi kofanana ponseponse, amangosuntha mzere wa mawu pang'ono pa pulogalamu yolumikizira makanema. Ngati kukunka kukula pomwe kanema akupita kumapeto, zomwe zimachitika kwambiri ndi mafoni chifukwa amasinthasintha kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi kukakhala mdima, ayenera kudula kanemayo m'zigawo n'kulunzanitsa chilichonse pachokha. Ndi ntchito yotopetsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomwe kaundula alipo koma kanema akudukiza

Si fayilo iliyonse yovuta yomwe yasowa moov. Ina imatseguka, kuonetsa mphindi zingapo, kenako n'kuima kapena kukana kudumphira kutsogolo. Apa kaundula alipo, koma pakati pali malo oonongeka, mwina chifukwa cha fulashi yotopa kapena chingwe chomwe chidagwedezeka pokopera.

Mankhwala oyamba ndi kubwerera kugwero. Ngati khadi kapena foni yomwe idajambula ikadali ndi kanemayo, akoperedwenso, n'kuyerekeza kukula kwa mafayilo awiriwo mpaka nambala yomaliza. Kanema wobwera pa WhatsApp yemwe netiweki idaduka asanamalize kutsika safuna kukonza konse, amangofunika kumutsitsanso kapena kupempha wotumiza atumizenso.

Gwero likasowa, FFmpeg ikhoza kusamutsira zithunzi ndi mawu mu fayilo yatsopano popanda kuzifinyanso:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -c copy watsopano.mkv
```

Izi sizibweza zithunzi zomwe zaonongeka, koma kawirikawiri zimachititsa kuti kanema adutse pamalo ovutawo n'kupitirira.

Fayilo yopanda kanthu ndi khadi lachinyengo

Fayilo ija ya 0 KB imafuna njira ina. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec, yolembedwa ndi Christophe Grenier, simawerenga mndandanda wa khadi, koma imasanthula khadi lonse kufunafuna poyambira mafayilo. Zomwe yapeza zisungidwe pa laputopu, osati pa khadi lomwelo. Ikatola chidutswa chachikulu cha kanema, chimenecho ndicho chimapita ku Untrunc. Mwayi wake ndi wocheperapo, makamaka pa khadi lomwe lakhala likujambulidwa ndi kufufutidwa kwa miyezi osapukutidwa, chifukwa kanema amakhala atamwazikana m'mipata yosiyanasiyana.

Njirayi imagwira pa khadi, osati m'kati mwa foni. Mafoni a masiku ano amasunga zam'kati mwake mokhoma ndi chinsinsi, kotero kanema akafufutidwa n'kuchotsedwanso mu bini, kumupeza n'kovuta zedi. N'chifukwa chake fayilo yokana kutseguka m'foni siyenera kufufutidwa isanakoperedwe.

Koma pali vuto lomwe lilibe mankhwala, ndipo ndi khadi lachinyengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pamwamba palembedwa 64 GB, kompyuta nayo ikuonetsa 64 GB, koma kachipangizo kam'kati kamangosunga mwina magigabaiti 8. Khadi lotere limagwira bwino masiku oyamba. Pa kamera ya mnyamata uja, magigabaiti 8 amadzaza pakatha pafupifupi mphindi 44. Zojambulidwa kuchokera pamenepo zimangotayika, kapena kulembedwa pamwamba pa zakale, kamera osadandaula chilichonse.

Chizindikiro chake ndi chakuti mafayilo oyamba amatseguka, koma onse otsatira amakana, ngakhale kamera sidazime ndipo kukula kwawo kukuoneka koyenera. Kuti munthu atsimikize, atsegule fayiloyo ndi pulogalamu ya HxD, yomwe imaonetsa zam'kati mwa fayilo ngati manambala. Fayilo yamoyo imayamba ndi mawu oti ftyp chakumanja, ndipo munthu akatsika mpaka pakati amaona manambala osakanikirana opanda dongosolo. Fayilo yakufa imaonetsa 00 kapena FF mizere yonse. Pamenepo palibe chokonza, madzi akatayika saoleka. Chotsala ndi kupempha omwe ankajambula ndi mafoni awo pa mwambowo kuti asonkhe zomwe ali nazo.

Kuyeza kumeneku kumapulumutsanso ndalama. Pa intaneti pali masamba ambiri olonjeza kukonza kanema aliyense, ndipo ambiri amalipiritsa m'madola. Kutumiza fayilo ya magigabaiti 3 ndi theka kumadya bando yaikulu, ndipo kanema wa banja amakhala wapita m'manja mwa anthu osadziwika. Fayilo yodzaza ndi 00 palibe kampani ingaidzutse. Chimodzimodzi popita kwa okonza mafoni ndi makompyuta ku Dwangwa kapena ku boma, ndi bwino kuwapatsa kope pa fulashi pamodzi ndi kanema wachitsanzo, khadi lenileni n'kutsala kunyumba.

Ukwati wotsatira usanafike

Khadi latsopano liyesedwe lisanapite ku ntchito. Pulogalamu yaulere ya H2testw imalidzaza lonse n'kuwerenganso, ndipo imanena kukula kwake kwenikweni. Imatenga nthawi, ola kapena kuposerapo pa khadi lalikulu, ndipo khadilo liyenera kukhala lopanda kanthu.

Pojambula, chitetezo chachikulu ndi kuimitsa kamera mphindi 10 kapena 15 zilizonse, pomwe woyendetsa mwambo akusintha gulu loitanidwa, n'kuyambanso. Kudina kulikonse kwa batani loimitsa kumalemba kaundula, kotero ngozi ikagwa imakhudza chigawo chimodzi chokha. Batire likatsala kamzere kamodzi, wojambula aimitse yekha n'kusintha, osadikira kuti lithe. Kagetsi kofiira ka khadi kakamaphethira, ndiye kuti kamera ikulembabe, ndipo khadi kapena batire zisasololedwe.

Amene ali ndi makamera ojambula mu AVCHD, omwe mafayilo ake amathera ndi MTS, ali ndi kamwayi kena. Mtunduwu umalemba kanema m'timapaketi ting'onoting'ono tokhala ndi zizindikiro zawozawo, kotero sudalira kaundula wakumapeto, ndipo fayilo yodukira panjira kawirikawiri imatsegukabe pa VLC. Pa mwambo wautali monga mapemphero kapena msonkhano, pomwe kamera ikudalira magetsi a jenereta, mtunduwu umapirira kuposa MP4.

Nalo banja lolemba wojambula lili ndi mbali yake. Pogwirizana mtengo ndi bwino kufunsiratu kuti ali ndi mabatire ndi makhadi angati, ndi kupangana kuti asapukute khadi mpaka eni mwambo ataonera kanema yense. Ngozi ikagwa, kumukalipira kuti abweze ndalama tsiku lomwelo kumangomufulumizitsa kufufuta. Funso lothandiza kumufunsa ndi lakuti fayiloyo ndi yaikulu bwanji, ndipo waikopera kale kapena ayi.